Ndimudziwitse bwanji kasitomala kuti K21,500 yotsala taifafaniza ndipo akaunti yake yatsekedwa?

Membala wosatchula dzina

Moni nonse a pa gulu. A admini, chonde musaonetse dzina langa chifukwa tauni yathu ndi yaing'ono ndipo anthu timadziwana.

Ndimasunga mabuku pa shopu yogulitsa chakudya ndi mankhwala a nkhuku kuno ku Kasungu. Tili ndi makasitomala owerengeka amene abwana amawalola kutenga katundu pa ngongole, n'kudzalipira akagulitsa nkhuku. Mmodzi mwa iwo ndi mayi amene anakhala akugula kwa ife zaka zinayi osaphonya ngakhale kamodzi. Mu Okutobala 2023 anatenga matumba a chakudya, katemera ndi zomwera, zonse pamodzi K386,000. Nkhuku zija zinagwidwa chitopa zitatsala pang'ono kulowa pamsika, ndipo zambiri zinafa. Ngakhale zinali choncho mayiwa sanathawe. Anabweretsa K200,000 mu Disembala, K100,000 mu Januwale 2024, K40,000 mu Febuluwale, kenako K24,500 mu Malichi. Ya mu Malichiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa anaimasula pa nsonga ya chitenje, ma K500 ndi ma K200 okhaokha. Kuchokera pamenepo sitinalandirenso kalikonse. Yatsala K21,500.

Anasiya kuweta ndipo anasamukira kumudzi kwawo, cha ku Chamama. Ndawaimbira kambirimbiri, ndatumiza mameseji, ndipo kamodzi tinatuma mnyamata wa pa shopu pa kabaza, sanawapeze. Ulendo umodzi wokhawo unadya pafupifupi theka la ndalama imene tikulondolayo. Sabata yatha abwana anati, "Zisiyeni, fafanizani, mutseke akauntiyo, ndipo muwalembere adziwe." Ndinalemba chonchi:

"Okondedwa Mayi, tikukudziwitsani kuti ngongole yanu ya K21,500 yafafanizidwa m'mabuku athu ndipo akaunti yanu yatsekedwa. Simudzaloledwanso kutenga katundu pa ngongole. Zikomo."

Ndaiwerenga kangapo ndipo mtima sukundilola kuitumiza. Ikumveka ngati tikuwathamangitsa, pomwe munthuyu anayesetsa. Komanso sindikudziwa ngati mawu amenewa akutanthauza kuti sadzalipiranso kapena ayi. Amene munachitapo zimenezi, kalata yotereyi imayenera kukhala ndi chiyani? Nanga ndi bwino kulemba kumene, kapena ndingotseka mwakachetechete?

Bambo a Yamikani

Musalembe chilichonse achemwali. Tsekani buku lanulo phee. Mukangolemba, mawa alimi onse a nkhuku a m'deralo amva kuti pa shopu panu ukakhalitsa ndi ngongole amakukhululukira. Aliyense azidzasiya kanchenche kumapeto dala.

Akaunti za ku Limbe

Mlongo wanga, ndagwira ntchito ya maakaunti zaka zopitirira khumi, ndipo vuto la kalata yanu si kuuma kwake ayi. Vuto ndi lakuti yasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo inu nomwe mwazindikira pamene mwati simukudziwa ngati mayiwa adzalipirenso.

Kufafaniza m'mabuku ndi nkhani ya mkati mwa shopu. Mukungovomereza kuti ndalama iyi musamaiwerengerenso ngati chuma chimene chikubwera, ndiye mukuichotsa pa dzina la kasitomala n'kuiika ku zotayika za chaka chino. Pamenepo ngongoleyo siinafe. Mayiwa atatulukira mawa ndi K21,500, mukhoza kulandira popanda cholakwika, ndipo mutafuna kuwasumira mukhozanso. Kukhululuka ndi kwina. Pamenepo mukumuuza munthu kuti sakuyeneranso kukupatsani kanthu, ndipo mukalemba zimenezo n'kusayina, musayembekezere kudzabweza mawu chaka chamawa abwana akasintha maganizo.

Ndiye musanagwire cholembera, bwererani kwa abwana muwafunse funso limodzi: tikungochotsa m'mabuku, kapena tawakhululukira? Ngati mukungochotsa m'mabuku, kasitomala sakufunika kuuzidwa zimenezo. Mungomudziwitsa kuti akaunti ya ngongole yatsekedwa ndipo ndalama yotsala ndi yakuti. Apo Bambo a Yamikani akunena zoona. Koma ngati mwakhululuka, muyenera kumuuza momveka, chifukwa palibe phindu kukhululukira munthu iye osadziwa, n'kumakulambalalani pamsika kwa zaka.

Membala wosatchula dzina

Zikomo kwambiri akuluakulu. Kusiyana kumeneku sindinakuganizire. Abwana anangoti "zisiyeni", ine n'kumva kuti zonse ndi chimodzimodzi. Ndiwafunsa mawa m'mawa.

Make Tadala

Ine ndinali mbali inayo, ndiye ndikupempheni kuti mawu oti "yafafanizidwa m'mabuku" musawagwiritse ntchito okhaokha. Ndinatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, bizinesi itagwa ndinatsala ndi kandalama kochepa. Patapita nthawi ndinalandira kalata ya Chingerezi, mwana wanga anandimasulira kuti aifafaniza ndipo akaunti yatsekedwa. Ndinagwada pansi kuthokoza Mulungu. Patapita chaka ndi miyezi ndinapita kwina kukapempha ngongole ya feteleza, anandibweza kuti dzina langa likuoneka kuti ndili ndi ngongole yosabweza. Nditabwerera kuja anandiuza kuti anafafaniza m'mabuku mwawo mokha, ine ndikadali nayo. Ndinalira pa kauntala pomwepo. Akanandiuza poyera ndikanasonkhasonkha n'kulipira, inali ndalama yoti ndikanaipeza.

Akaunti za ku Limbe

Pepani mayi. Zimenezo zimachitika chifukwa mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza mbiri ya ongongola ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, malinga ndi lamulo la 2010, ndipo ngongole yofafanizidwa imaonekabe kumeneko ngati yosabweza. Shopu ya nkhuku ngati ya mlongo wathuyu kawirikawiri siitumiza maina kumeneko. Koma phunziro la mawuwo ndi lomwelo, munthu wamba akamva "yafafanizidwa" amamva kuti yatha.

Mjomba wa pa Mchesi

Akaunti ikakhala miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito imagona yokha, palibe chifukwa cha kalata. Mungopita ndi chiphaso cha unzika ku nthambi yanu akaidzutse.

NaPhiri wa Salaula

Mjomba werenganinso, si akaunti ya ku banki iyi. Ndi tsamba la kasitomala m'buku la ngongole pa shopu.

Wa Sitesheonale ku Zomba

Musanakhululuke kapena kufafaniza, mwatsimikiza kuti K21,500 imeneyo ndi ngongoledi? Ndikufunsa chifukwa zinandichitikira. Ndinaperekera mapepala ndi makope ku sukulu ina yoyima payokha, katundu wa K620,000. Analipira K601,400. Ndinalondola K18,600 yotsalayo miyezi isanu ndi itatu, mpaka ndinatopa n'kulemba kalata yowawa ndithu yoti ndaitaya ndalamayo ndipo asadzabwerenso. A bursar anandiimbira modekha n'kundiuza kuti sanandibere, anadula msonkho wa 3 peresenti n'kukapereka ku MRA m'dzina langa, ndipo satifiketi yake inali mu fayilo kudikira ine. Nditawerengetsa, 3 peresenti ya K620,000 ndi K18,600 ndendende. Manyazi ake sindidzaiwala, ndipo kasitomala ameneyo anapita.

Membala wosatchula dzina

Ndawerengetsa, 3 peresenti ya K386,000 ndi K11,580, ndiye sizikugwirizana. Komanso awa ndi mlimi payekha, sadula msonkho umenewo. Koma mwandipatsa maganizo, ndikafufuzanso mapepala onse.

Akaunti za ku Limbe

Chitani zimenezo ndithu. Kandalama kotsalira kumapeto nthawi zambiri kamabisa cholakwika cha mwini buku. Tengani invoisi, malisiti onse anayi, buku lotulutsira katundu, ndi mameseji a Airtel Money kapena Mpamba a pa foni ya shopu kuyambira Okutobala 2023. Muonenso foni ya abwana, chifukwa alimi ambiri amatumiza pa nambala ya mwini shopu, iye n'kuiwala kuuza wa mabuku. Ndipo mufunse anyamata a m'sitolo ngati panali katundu wobwezedwa.

Chimwemwe Wanga

Koma anthu inu. K21,500 ndi ndalama. Ikani chithunzi chake pa Facebook muone ngati salipira tsiku lomwelo.

NaPhiri wa Salaula

Munthu analipira K364,500 nkhuku zitamufera, inu mukuti amuyalutse chifukwa cha yotsalayo? Ayi ndithu. Komanso zoika anthu zithunzizi zimathera ku khoti, wosumiridwa n'kukhala iwe.

Dadi wa Hadiweya

Ine ndikugwirizana ndi zokhululuka, ndipo chifukwa changa ndi masamu. Katunduyo anatengedwa mu Okutobala 2023, ndipo mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti. K21,500 ya nthawi ija si ya lero. Mukaonjeza mayunitsi, kabaza ndi nthawi yanu, mwaononga kale yoposa imeneyo. Ubwino wina ndi wakuti mukalemba kalata yokhululuka, kalatayo ndi umboni ku MRA, amakuchotserani ndalamayo pa msonkho.

Akaunti za ku Limbe

Masamu a kwachawo ndikuvomereza. Za MRA zo mwalondola theka. Ndi zoona kuti ngongole yosabwezeka imatha kuchotsedwa pa phindu lokhomeredwa msonkho, ngati ndalamayo inawerengedwa kale ngati malonda. Koma siichotsedwa pa msonkho weniweniwo ayi, imachotsedwa pa phindu, ndiye chimene mumapulumutsa ndi kagawo chabe. Chachiwiri, amafuna umboni woti ngongoleyo inakanikadi kutoleredwa. Kalata yonena kuti takukhululukirani payokha sikusonyeza zimenezo, wina akhoza kuiona ngati mphatso imene mwapereka mwa kufuna kwanu. Chimene chimathandiza ndi mbiri ya kulondola: masiku amene munaimba, mameseji amene munatumiza, ulendo wa mnyamata uja ndi ndalama imene unadya, ndi kapepala kosayinidwa ndi abwana kofotokoza chifukwa chake asankha kuitaya. Zimenezi muzimange pamodzi ndi kope la kalata mu fayilo ya kasitomalayo.

Dadi wa Hadiweya

Ine akauntanti wanga amangoika ndipo sanatifunsepo kanthu.

Akaunti za ku Limbe

Pa ndalama yochepa chonchi mwina sangafunse. Koma chizolowezi chomanga umboni chimakupulumutsani tsiku limene ngongole yake ndi ya mamiliyoni.

Mlembi Wopuma

Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya maloya. Ngati abwana anu ati sakukhululuka, dziwani kuti ngongole wamba ngati iyi ili ndi zaka 6 zoti muisumire, ndipo munthu akalipirako pang'ono kapena kuvomereza polemba, zakazo zimayambanso kuwerengedwa. Kwa inu ndiye kuti kuyambira Malichi 2024. Nthawi ilipo, kungoti palibe angapite kwa majisitireti chifukwa cha K21,500 munthu wake ali ku Chamama.

Membala wosatchula dzina

Ndabweranso ndi zimene ndapeza, ndipo ndili ndi manyazi pang'ono. Ndakhala m'sitolo mpaka madzulo ndi mabuku akale. Kuseri kwa buku lotulutsira katundu ndapeza polembedwa ndi pensulo kuti mu Januwale 2024 mayi aja anabweza zomwera ziwiri zosagwiritsa ntchito, za K3,000 chimodzi. Mnyamata amene analandira anazibwezera pa shelefu koma sanandiuze, ndipo anasiya ntchito chaka chomwecho. Ndiye ngongole yeniyeni ndi K15,500. Nthawi yonseyi ndimawatumizira meseji ya K21,500. Mwina n'chifukwa chake anasiya kuyankha, ndani akudziwa.

Abwana ndawafunsa. Ati akukhululuka kwathunthu, sakufuna kudzamvanso za ndalama imeneyi. Koma ati ngongole ina ayi, akafuna katundu azigula ndi ndalama pamanja.

Tsopano m'mabuku ndilembe bwanji, ndipo kalata ndiikonze bwanji?

Akaunti za ku Limbe

Mwachita bwino kwambiri. M'mabuku muchite kawiri, osaphatikiza. Choyamba K6,000 ilowe ngati katundu wobwezedwa, chifukwa imeneyo sinatayike, zomwerazo zinabwerera pa shelefu. Tsamba la mayiwa litsala ndi K15,500. Chachiwiri K15,500 muichotse pa tsamba lawo n'kuilemba ku ngongole zosabwezeka, pa deti limene abwana asayina. Tsambalo lifika pa ziro, mujambule mizere iwiri pansi, mulembe kuti yatsekedwa ndi deti lake. Musang'ambe tsamba, musafute ndi tipeksi, ndipo ngati muli pa kompyuta musachotse invoisi ya Okutobala ija. Mukaichotsa, malonda a chaka chimene munatseka kale asintha ndipo mabuku sadzagwirizana ndi zimene munapereka ku msonkho.

Kalatayo iyambe ndi chimene munthuyo akufuna kumva, kuti alibenso ngongole. Kenako manambala, kuti aone kuti mwawerengera zonse zimene anapereka, ndipo cholakwika cha K6,000 chija muchivomereze poyera. Za kutseka akaunti zibwere pambuyo, ndipo mufotokoze tanthauzo lake, chifukwa "akaunti yatsekedwa" ena amamva kuti asadzapondenso pa shopu. Isayinidwe ndi abwana, osati inu, popeza ndalama ndi yawo ndipo mawu okhululuka ayenera kuchokera kwa mwini.

Abusa Aang'ono

Ndionjezeko chimodzi cha umunthu. Musaike m'kalatamo mawu ngati "poona kuti mwalephera" kapena "chifukwa cha umphawi wanu". Musaikenso ulaliki wa chifundo chanu. Ndipo musaipatsire munthu wa ku tchalitchi kwawo kapena wa minibasi ili yosamata. Kumudzi kalata imawerengedwa ndi anthu atatu isanafike kwa mwini wake.

Bambo a Yamikani

Ine nkhawa yanga ikadalipo. Mbiri imayenda. Bwanji osangowaimbira foni n'kuwauza pakamwa? Pepala likhoza kuzungulira pa magulu a alimi.

Make Tadala

Pakamwa pokha ayi bambo. Abwanawo atamwalira kapena shopu itagulitsidwa, wobwera pambuyo n'kupeza dzina m'buku, mayiwa adzaonetsa chiyani? Pepala limateteza wofooka. Aimbe kaye, kenako kalata itsatire.

Dadi wa Hadiweya

Ine ndimaonjezera mzere woti nkhaniyi ndi ya pakati pa ife ndi inu. Sikuti umamanga munthu, koma ambiri amalemekeza. Ndipo amene wakhululukidwa ngongole sakonda kulengeza, chifukwa ndiye kuti akulengezanso kuti anali nayo.

Membala wosatchula dzina

Nayi imene ndakonza, mundiuze ngati pali posintha:

"Okondedwa Mayi,

Tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse.

Tikulemba kukudziwitsani kuti kuyambira lero mulibe ngongole iliyonse ndi shopu yathu. Pa katundu wa K386,000 amene munatenga mu Okutobala 2023, munalipira K364,500 ndipo munabweza zomwera ziwiri za K6,000. Panatsala K15,500. Ndalama imeneyi takukhululukirani yonse, sitidzakufunsaninso ndipo sitidzatuma wina aliyense kudzaitenga.

Tipepese kuti m'mameseji athu tinkalemba K21,500. Zomwera zimene munabweza sizinalowe m'buku pa nthawi yake, ndipo kulakwitsako kunali kwathu.

Akaunti yanu yotengera katundu pa ngongole taitseka. Izi sizikutanthauza kuti musabwerenso. Muli olandiridwa kudzagula nthawi iliyonse polipira pomwepo.

Sungani kalatayi ngati umboni. Ngati manambalawa sakugwirizana ndi anu, tiimbireni pa nambala ya shopu. Tikuthokoza chifukwa cha zaka zinayi zimene tinagwira ntchito limodzi."

Pansi padzakhala deti, dzina ndi siginecha ya abwana, ndi chidindo cha shopu. Ndiphatikizapo sitetimenti yoonetsa ziro.

Akaunti za ku Limbe

Iyi ndi kalata. Muonjeze nambala ya invoisi pafupi ndi K386,000, kuti zidziwike kuti mwakhululuka ngongole iti. Komanso musanasiye mawu oti "ngongole iliyonse", onetsetsani kuti palibe tsamba lina m'dzina la amuna awo kapena kabuku ka mankhwala kapadera, chifukwa mawu amenewo akuphimba zonse. Musindikize makope awiri, limodzi la fayilo.

NaPhiri wa Salaula

Ine ndikanaika kamzere koti ngati atafuna kudzalipira m'tsogolo, khomo ndi lotsegula. Pali anthu ena oti kukhululukidwa kumawapweteka kuposa ngongole, makamaka mayi womasula ma K200 pa chitenje ngati ameneyu. Mumpatse mpata wosunga ulemu wake.

Akaunti za ku Limbe

Ndikumva chimene mukunena, koma ine sindingaike. Mzere umenewo ukubwezeretsa chikayiko chimene tachotsa. Munthu aziti, kodi andikhululukira kapena akundiyesa? Akabwera yekha ndi ndalama, abwana adzasankha pa tsikulo. Akalandira, mlongo wathu adzadula lisiti n'kuilemba ngati ngongole yotayika imene yabwezedwa, pa deti limene yalowa, osatsegulanso tsamba lakale.

NaPhiri wa Salaula

Za mabuku mukudziwa ndinu, koma za mtima wa mzimayi wa bizinesi ndikudziwa ine. Ngati sizilowa m'kalata, azinene pa foni.

Make Tadala

Pa foni pomwepo ndi pamene ine ndingasokonezeke. Chimodzi chokha, chomveka.

Membala wosatchula dzina

Ndaika nambala ya invoisi, ndafufuza, tsamba lina palibe. Abwana asayina masana ano. Ndayesa kuimba kawiri, foni ikuitana koma sakuyankha, ndipo sindikuwadzudzula, nambala ya shopu akuidziwa ndipo kwa miyezi yonseyi imangobweretsa nkhani imodzi. Ndatumiza meseji yaifupi yoti, "Mayi, si za kulipira ayi, tili ndi uthenga wabwino, chonde yankhani." Ngati sayankha pofika Lachisanu nditumiza chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp, koma ndikukayika chifukwa foniyo nthawi zina amayankha ndi mwana wawo wamkulu. Kodi ndidikire mpaka ndimve mawu awo, kapena nditumize basi?

Abusa Aang'ono

Dikirani kaye. Yesani kuimba ndi nambala yanu, osati ya shopu, cha m'ma 6 koloko madzulo atabwerako kumunda.